Pimani paipi musanagule toileti yatsopano

Musanapite kuhadiweya, pimani kaye pomwe paipi yotulutsa zoipa ili. Toileti yakaleyo musaichotse, pimani ili pomwepo.

Ngati paipi ikulowa pansi, yambirani tepi pakhoma lakumbuyo mpaka pakatikati pa paipiyo, osati m'mphepete mwake. Paipiyi imakhala ya mamilimita 110, ndiye amene wapimira m'mphepete waphonya kale ndi mamilimita 55. Ngati ikuboola khoma, pimani kuchokera pansi kufika pakati pake. Matoileti ambiri a masiku ano amafuna pafupifupi mamilimita 180.

Chimene chimapusitsa anthu m'nyumba zakale ndi matailosi. Tinene kuti mwapeza mamilimita 250 kuchokera kukhoma, koma mukufuna kumata matailosi atsopano pakhomapo pamwamba pa akale. Tailosi ndi simenti yake zidya mwina mamilimita 15, mutsala ndi 235. Mukagula toileti yofuna 250, thanki igunda khoma kotulukira zoipa kwa toiletiyo kusanafike papaipi. Mukaikakamiza, labala yolumikizira imapindika, ndipo pakapita nthawi muona chinyezi ndi kafungo kuseri.

Kusitolo pitani ndi tepi yanu mukapime toiletiyo nokha, zoti "zonse n'zofanana" musamvere. Kusiyana kochepa kumatheka ndi cholumikizira chokhota, koma chimakonda kutsekeka, ine sindichikonda.