Pasikodi ilipo, koma linki yanu ya Zoom yafika kale kwa mavenda

Nyengo ino yogulitsa zokolola, makopaletivi ndi makalabu angapo ayamba kukumana pa Zoom sabata iliyonse pofuna kuchepetsa ndalama za thiransipoti. Dandaulo lomwe likubwera n'limodzi: m'msonkhano mukumapezeka anthu osaitanidwa. Mukafunsa mlembi, amayankha molimba mtima kuti anaikapo pasikodi, ndipo sakunama. Vuto n'lakuti pasikodiyo imachoka limodzi ndi linki kuyambira tsiku loyamba, ndipo wolowetsa anthu pakhomo amangodina Admit all, batani lolowetsa onse nthawi imodzi, osayang'ana maina.

Tengani linki ya msonkhano wanu muiyang'ane bwino. Imaoneka chonchi:

```
https://zoom.us/j/nambala-ya-msonkhano?pwd=zilembo-zosakanikirana
```

Chigawo choyambira pa ?pwd= ndi pasikodi yomwe ija, yongobisidwa m'zilembo zosakanikirana. Zoom imaiphatikiza pa linki kuti munthu alowe ndi kudina kamodzi. Ndiye aliyense amene linkiyo yamufika safunsidwa kanthu. Zili ngati kutseka nkhokwe ndi loko n'kusiya kiyi ali pomwepo. Pasikodi yotereyi imaletsa okhawo ongoyeserera manambala a misonkhano mwachisawawa, amene anavutitsa anthu kwambiri mu 2020 mpaka Zoom inayamba kuyatsiratu pasikodi ndi chipinda chodikirira, momwe olowa amaima mpaka mwini msonkhano awatsegulire, pa maakaunti aulere mu Epulo chaka chomwecho. Koma munthu amene wapatsidwa linki ndi mlamu wake pa WhatsApp, pasikodi simuletsa.

Pa msonkhano wa tsiku limodzi vutoli n'laling'ono, chifukwa linki imatha ntchito posachedwa. Pa msonkhano wobwerezabwereza nambala ya msonkhano, pasikodi ndi linki zimakhala zomwezo sabata ndi sabata. Linki imene inaponyedwa m'gulu mu Epulo idzatsegulabe chitseko mu Ogasiti. Amene anachotsedwa mu komiti akadali nayo. Amene anatuluka m'gulu atakwiya akadali nayo. Foni imene inagulitsidwa osafufuta mauthenga ili nayonso. Ndiye pali ena amene pokonza msonkhano amasankha Personal Meeting ID poti ndi nambala yomwe anailoweza. Imeneyo ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa ndi nambala yanu yokhazikika: wobwera ku maphunziro a manyowa mwezi watha angathe kugogoda pa msonkhano wa zachuma wa mawa.

Tcheyamani wina wa kopaletivi ya soya anafotokoza zomwe zinawaonekera. Komiti inkakumana Lachiwiri lililonse madzulo, ndipo tsiku limenelo ankagwirizana za mtengo wotsikitsitsa womwe angalole. Pa mndandanda panali dzina longoti TECNO, kamera yozimitsa, maiki yotseka. "Tonse tinkayesa kuti ndi asungichuma, poti iwonso foni yawo ndi yomweyo," anatero. Asungichumawo tsikulo anali kumaliro. Wogula atabwera kudzakambirana, anayambira pa mtengo weniweni womwe komiti inati isatsike kupyola pamenepo, ndipo sanasunthepo. Atcheyamaniwo amaumirira kuti chipinda chodikirira chinali choyatsa. N'zoona, koma ndani anamutsegulira TECNO ameneyu?

Apa ndi pomwe chizolowezi chakale chimatopetsa. Kwathu mlendo sitimubweza pakhomo, ndipo mlembi amachita manyazi kusiya munthu akudikira, poopa kuti mwina ndi a mfumu kapena mlangizi. Amangolowetsa onse. Pa akaunti yaulere zimanyanya, chifukwa msonkhano umaduka pakatha mphindi 40. Anthu amalowanso ndi linki yomweyo onse nthawi imodzi, chipinda chodikirira chimadzaza, nkhani inali pakati, mlembi n'kudina Admit all kuti zithe. Onjezani netiweki yathu yomwe imagwetsa anthu n'kuwabwezera ku chipinda chodikirira kangapo pa ola, mupeza kuti pofika kumapeto palibe amene akuwerenganso maina. Chipinda chodikirira sichisankha munthu pachokha. Chimangomuimika kuti inu mumuone, basi.

Njira yodziwira kuti mwalowedwa ndi yapafupi. Tsegulani Participants muwerenge: mamembala oitanidwa ndi 12 koma mndandanda ukuonetsa 14. Nthawi zina ndi munthu mmodzi wolowa ndi foni ndi kompyuta, kapena wagwa n'kulowanso dzina lake lakale lisanachoke. Koma dzina la mtundu wa foni, monga iPhone kapena Galaxy, lomwe silikuyankha mukaliitana kawiri, musalikomere mtima. Mubwezereni ku chipinda chodikirira ndi Put in waiting room, kenako mumulembere uthenga ali komweko kuti atuluke n'kulowanso atalemba dzina ndi kalabu yake. Remove muisungire amene mwatsimikiza kuti ndi mlendo, chifukwa munthu wochotsedwa motero sangalowenso msonkhano womwewo pokhapokha ngati munayatsa Allow removed participants to rejoin. Mukachotsa membala weniweni molakwitsa mwamutsekera kunja.

Kakonzedwe kake sikachedwa. Chitirani pa webusaiti ya Zoom, osati pa foni, chifukwa zosankha zonse zimaoneka kumeneko. Yambani ku Settings, muzimitse Embed passcode in invite link for one-click join. Kenako Meetings, Schedule a Meeting, chongani Recurring meeting, musankhe Weekly ndi tsiku lake, muike tsiku lothera. Ikani miyezi itatu yokha, kuti nyengo ikatha mukonze msonkhano watsopano wokhala ndi nambala yatsopano. No Fixed Time isiyeni, imasiya chitseko chomwecho kwa nthawi yaitali. Pa Meeting ID, ngati chisankhocho chikuoneka, sankhani Generate Automatically. Pa Security chongani zonse ziwiri, Passcode ndi Waiting Room. Pasikodi imalola zilembo zosapitirira 10, ndipo chonde isakhale 123456 kapena dzina la kopaletivi.

Linki tumizani m'gulu, pasikodi mutumize kwa membala aliyense payekha. Uzani anthu kuti alembe dzina lawo lenileni asanalowe, ndipo lamulo likhale lakuti wopanda dzina salowa. Woyang'ana pakhomo asakhale amene akutsogolera zokambirana. Pa akaunti yolipira mupatseni udindo wa co-host, wothandizira mwini msonkhano. Pa yaulere udindowu kulibe, ndiye mwini msonkhano akhale mlembi, tcheyamani azingoyendetsa nkhani. Onse akafika tsekani ndi Lock meeting, mukumbukire kuti wogwa ndi netiweki sangabwerere mpaka mutatsegula, choncho asunge nambala ya mlembi.

Ngati linki yakale inafalikira kale, tsegulani msonkhanowo, musankhe kusintha masabata onse osati sabata imodzi yokha, musinthe pasikodi n'kutumizanso yatsopano. Kukachoka munthu mu komiti chitaninso chimodzimodzi tsiku lomwelo.