Momwe mungaonere nokha kuti mageti a LSTM amakumbukira pomwe RNN wamba yaiwala kale

LSTM ndi RNN ndi mitundu iwiri ya netiweki yowerenga deta motsatana, sitepe ndi sitepe. Anthu ambiri amangoloweza kuti LSTM imakumbukira zakale kuposa RNN wamba, koma mukawafunsa kuti imakumbukira bwanji, amakuonetsani chithunzi cha mabokosi ndi mivi basi. Ine ndinamvetsa tsiku lomwe ndinaziphunzitsa ziwirizi ntchito imodzi n'kumayang'ana manambala akutsika, ndiye ndikuuzani momwe mungachitire inunso. Laputopu yanu yomweyo ikukwanira. Musalipire GPU ya pa intaneti pa kanthu kotere, ena amakulipiritsani pa ola ngakhale makinawo angokhala osagwira ntchito, mukaiwala kuzimitsa ndalama zapita.

Choyamba pangani deta yanu nokha. Ntchito yake ndi yophatikiza manambala awiri, ndipo ndi yakale ndithu, mtundu wina wake unalimo mu pepala la Sepp Hochreiter ndi Jürgen Schmidhuber la 1997 lomwe linabweretsa LSTM. Mzere uliwonse ukhale ndi masitepe 100. Pa sitepe iliyonse netiweki ilandire zinthu ziwiri, nambala yachisawawa ya pakati pa 0 ndi 1, ndi chizindikiro chomwe ndi 0 paliponse kupatula malo awiri okha pomwe ndi 1. Malo oyamba akhale mu theka loyamba la mzere, achiwiri mu theka lachiwiri. Kumapeto netiweki inene chiphatikizo cha manambala awiri okhala ndi chizindikiro aja. Mwachitsanzo pa sitepe 7 panali 0.3, pa sitepe 80 panali 0.6, yankho ndi 0.9. Ndiye kuti 0.3 uja iyenera kumusunga masitepe 93 uku manambala ena opanda ntchito akulowa osalekeza.

Sungani nambala iyi m'mutu, 0.167. Netiweki yomwe sikukumbukira kanthu imaphunzira msanga kumangoyankha 1.0 nthawi zonse poti ndi pakati pa mayankho onse, ndipo ikatero losi ya MSE, nambala yoyeza kulakwitsa kwake, imakhazikika pa 2/12, omwe ndi 0.167. Mukaona losi yaima pamenepo dziwani kuti ikungolotera.

Kachiwiri yambani ndi RNN wamba. Pa sitepe iliyonse imachita izi:

```
h_t = tanh(W·x_t + U·h_(t-1) + b)
```

Apa x ndi zolowa za pa sitepeyo, W ndi U ndi mawayiti omwe netiweki imaphunzira, b ndi bayasi. Chikumbukiro chake chonse chili mu h, ndipo h ameneyu amalembedwanso yense pa sitepe iliyonse, kuchulukitsidwa ndi U kenako kufinyidwa ndi tanh. Pophunzira, uthenga woti yalakwitsa, womwe timati giladiyenti, umayenda chobwerera kuchoka pa sitepe 100 mpaka pa sitepe 7, ndipo paliponse pomwe wadutsa umachulukitsidwa ndi U ndi kutsetsereka kwa tanh, komwe sikupitirira 1. Tiyerekeze kuti sitepe iliyonse ikudutsitsa 0.9 ya uthengawo, zikumveka ngati zambiri eti? Koma 0.9 kudzichulukitsa ka 100 ndi pafupifupi 0.00003. Sitepe 7 siimva n'komwe kuti inalakwitsa. Mukati bwanji ndikweze ikhale 1.1, ka 100 imafika pafupifupi 13,780, losi n'kudumpha mwina mpaka kusanduka `nan`. Vutoli Hochreiter analifotokoza mu 1991, Yoshua Bengio ndi anzake analembanso za ilo mu 1994. Kuphulikako kuli ndi mankhwala, mumadula giladiyenti ndi `clip_grad_norm_` ya PyTorch, laibulale yomwe tikugwiritsa ntchito, koma kuzilala kulibe chodula, uthenga ukatha watha.

Iphunzitseni RNN yanu ndi Adam, njira yosinthira mawayiti pophunzira, h wa manambala 128, muone. Yanga inatsika msanga kufika cha pa 0.167 n'kukhala pomwepo. Nditafupikitsa mzere kukhala masitepe 10 inaphunzira bwinobwino, kusonyeza kuti kodi inalibe vuto, vuto linali kutalika.

Kachitatu sinthani `nn.RNN` ikhale `nn.LSTM`. Chomwe chasintha mkatimo ndi choti pabwera njira yachiwiri yosungira, selo, yomwe timailemba c, ndi mageti atatu oilondera.

```
f = sigmoid(...)   i = sigmoid(...)   o = sigmoid(...)
g = tanh(...)
c_t = f * c_(t-1) + i * g
h_t = o * tanh(c_t)
```

Mu madontho amenewo muli zofanana ndi za RNN zija, x wa pano ndi h wa sitepe yapita, koma chilichonse ndi mawayiti akeake. Geti ndi nambala chabe ya pakati pa 0 ndi 1, 0 ndiye kutseka, 1 ndiye kutsegula, ndipo kachipinda kalikonse mwa 128 ka selo kali ndi mageti akeake. Geti loiwalira f limanena kuti zakale zitsale zochuluka bwanji. Geti lolowetsa i limanena kuti zatsopano, g, zilowe zochuluka bwanji. Geti lotulutsa o limasankha zoti zioneke kunja mu h.

Yang'anitsitsani mzere wa c_t, nkhani yonse yagona pamenepo. Selo yakale sidutsa mu U, sidutsa mu tanh, imangochulukitsidwa ndi f kenako n'kuwonjezeredwa zatsopano. Ndiye pa chitsanzo chathu chija, netiweki yophunzira bwino imachita motere: pa sitepe 7 yaona chizindikiro 1, i atseguka, 0.3 walowa mu selo. Kuyambira 8 mpaka 79 chizindikiro ndi 0, i watseka, f ali pafupi ndi 1, selo ikungodutsa momwe ilili. Pa 80 i atsegukanso, 0.6 wawonjezeredwa pamwamba. Pa 100 o atsegula, yankho latuluka. Zenizeni zimamwazikana m'tizipinda tambiri, sizikhala zoyera chonchi, koma kayendedwe kake ndi kameneka. Giladiyenti nayonso pobwerera imadzera njira ya selo yomweyi, ndipo panjirayi chomwe imachulukitsidwa nacho ndi f basi.

Apa ndi pomwe ndinataya masiku awiri, ndiye ndichedwapo. Ndinasintha kukhala LSTM ndili ndi chikhulupiriro chonse, ndinaisiya ikuphunzira, pobwera ndinapeza losi ili pa 0.167 yomwe ija. Ndinawonjezera h, palibe. Ndinasintha liwiro lophunzirira, palibe. Chomwe sindinaganizire ndi choti f sayamba ali pafupi ndi 1. PyTorch imayambitsa mawayiti ndi mabayasi a LSTM ndi timanambala tating'ono, pa h wa 128 ndi pakati pa -0.088 ndi 0.088, ndiye zolowa mu sigmoid zimakhala pafupi ndi 0, ndipo sigmoid(0) ndi 0.5. Tanthauzo lake, LSTM yatsopano imataya theka la selo pa sitepe iliyonse. Masitepe 10 okha chotsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa 1,000, pofika 100 palibe choti n'kutchula. Mageti alipo koma netiweki iyenera kuphunzira kuwatsegula, ndipo uthenga woiphunzitsa kutero ndi womwe ukufera m'njira uja. Imatha kudzatulukamo yokha mukaidikira nthawi yaitali, koma mzere ukamatalika kudikirako kumatalikanso.

Mankhwala ake ndi kukweza bayasi ya geti loiwalira musanayambe. Geti limeneli silinalimo mu LSTM ya 1997, analiwonjezera Felix Gers, Schmidhuber ndi Fred Cummins cha mu 1999 ndi 2000, ndipo langizo loyambitsa bayasi yake pa 1 linatchukanso mu 2015 ndi pepala la Rafal Jozefowicz ndi anzake. Ndinaziwerenga, ndinachita, koma ndinalakwitsabe. M'kope mwanga ndinalemba mafomula kuyambira ndi f, ndiye ndinangoganiza kuti manambala 128 oyamba a bayasi ndi a f. Ayi ndithu. PyTorch imasanja i, f, g, o. Ndinali nditatsegula geti lolowetsa, ndiye zinyalala zonse zimalowa mu selo mwaufulu uku yokha ikutayabe theka. Losi osasuntha, ine n'kumaganiza kuti langizolo ndi labodza. Zolondola ndi izi:

```python
H = 128
lstm = nn.LSTM(2, H, batch_first=True)
with torch.no_grad():
    lstm.bias_ih_l0[H:2*H].fill_(1.0)
    lstm.bias_hh_l0[H:2*H].fill_(0.0)
```

Mabayasi alipo awiri ndipo amaphatikizidwa, mukaika 1 konsekonse mwaika 2. Inu ogwiritsa ntchito laibulale ya Keras izi zinakuchitikirani kale, `unit_forget_bias` imakhala `True` kuyambira pachiyambi, n'chifukwa chake kodi yooneka yofanana imatha kuchita mosiyana uku ndi uko.

Koma musaganize kuti 1 ndi matsenga. sigmoid(1) ndi 0.73, ka 100 ndi kanthu kochepetsetsabe, phindu lake ndi loti masitepe apafupi amamva uthenga ndipo netiweki imapeza poyambira kukankhira f m'mwamba. Ndi bayasi 3, f ndi 0.95, pakatha masitepe 100 patsala pafupifupi 0.008. Ndi 5, f ndi 0.993, patsala pafupifupi theka. Pa ntchito yathuyi ine ndimayamba ndi 1, ikakana ndimakwera ku 2 kapena 3. Kukweza kwambiri kulinso ndi vuto lake, sigmoid imaphwatalala kumtundako ndiye geti limavuta kuphunzira kutseka, selo n'kumangodzaza zinthu zomwe inayenera kutaya.

Njira yachidule yodziwira ngati zatheka, osadikira maola, ndi kuyeza giladiyenti yomwe ikufika pa sitepe iliyonse musanaphunzitse n'komwe:

```python
x.requires_grad_(True)
loss_fn(model(x), y).backward()
print(x.grad.abs().mean(dim=(0, 2)))
```

Mutuluka manambala 100. Yerekezani loyamba ndi lomaliza. Chitani pa RNN, pa LSTM yosasinthidwa bayasi, ndi pa LSTM ya bayasi yokwezedwa, muona kusiyana ndi maso anu. Ndikanachita izi tsiku loyamba ndikanaona nthawi yomweyo kuti kusintha kwanga kuja sikunathandize masitepe oyambirira.

Chinanso chofulumira, onani kuti zotuluka ndi `y` zili ndi maonekedwe ofanana. China chikakhala `[64, 1]` china `[64]`, PyTorch imangochenjeza n'kupitiriza, ndipo losi imaimanso pa 0.167, n'kumanamizira mageti osalakwa.

Zotsalazi ndi zachizolowezi. Phunzitsani, dulani giladiyenti pa 1.0 poti LSTM nayo imatha kuphulika, ndipo pirirani, losi imakhala phee pa 0.167 kwa kanthawi kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Ikatheka pa 100 yesani 200, kenako 500, mupeza pomwe nayo iyamba kuvutika. Dziwaninso kuti mageti si aulere, RNN yathu ija ili ndi maparamita 16,896 pomwe LSTM ili ndi 67,584, kanayi ndendende, ndipo sitepe iliyonse imadikira inzake ithe, n'chifukwa chake pa malemba aatali kwambiri anthu anasamukira ku mtundu wina wa netiweki, Transformer, kuyambira 2017. Ndipo aja ogulitsa makosi olonjeza kuti LSTM ikulosererani mitengo ya masheya, afunseni ayerekeze ndi kungonena kuti mtengo wa mawa ndi wa lero, kawirikawiri galafu yawo yokongolayo imangotsatira mtengo wadzulo mochedwa ndi sitepe imodzi. Mukafuna yopepukirapo yesani `nn.GRU`, ili ndi mageti awiri ndipo ilibe selo yapadera, deta ndi kodi yoyezera ija mugwiritsa ntchito yomweyo.