Musakopere manambala a pa chithunzi musanadziwe kumutu kwake

Chiyambireni kugulitsa nandolo chaka chino, ndaona vuto limodzi likubwerezedwa m'makalabu a alimi kuno ku Mangochi. Mlimi amajambula kapepala ka kusikelo kapena nambala yolembedwa pa thumba n'kutumiza pa WhatsApp, chithunzicho chimafika chogonera m'mbali, ndipo mlembi amachitembenuza kamodzi, n'kuyamba kukopera m'kaundula poona kuti mzere wagona bwino.

Chithunzi chogonera m'mbali chikhoza kutembenuzidwira kumanja kapena kumanzere, ndipo konseko mzere umagona bwinobwino, koma kumodzi kumasiya zolembazo zitazondoka. Pakakhala mayina munthu amazindikira msanga, koma pakakhala manambala okha diso limanamizika, chifukwa 0, 8 ndi 1 wolembedwa ngati kamtengo sasintha akazondoka, pamene 6 amasanduka 9. Komanso nambala yomaliza ndi imene imabwera poyamba. Motero 16 amawerengeka 91, 18 amakhala 81, ndipo 89 amasanduka 68.

Zimenezi n'zimene zinagwera mayi wina wa kufupi ndi Namwera. Nandolo wawo analemera makilogalamu 89, mwana wawo anajambula nambala yokhayo pafupi kwambiri, ndipo m'kaundula munalowa 68. Pa tsiku logawana ndalama anandiuza kuti, "Alangizi, matumba awiri ndinasoka ndekha aja akhala bwanji limodzi ndi kachidutswa?" Makilogalamu 21 akanapita pakanapanda kapepala kamene anamanga pa nsonga ya chitenje.

Ena amaimba mlandu wojambula, koma pepala likayalidwa pa mphasa foni n'kuyang'ana pansi, foniyo siidziwa bwino kumutu, ndiye imangosunga chithunzi mmene yaganizira. Udindo uli kwa wokopera. Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi chopendeketsa khosi, kapena kuzunguza foni m'manja pamene chithunzi nachonso chikuzungulira, munthu n'kumati waona kale.

Musanagwire cholembera, funani chinthu chimene sichingawerengeke mozondoka. Manambala 2, 3, 4 ndi 7 akazondoka amaoneka achilendo. Chizindikiro cha K chimakhala kutsogolo kwa ndalama, kg amabwera pambuyo pa kulemera, ndipo nambala ya foni yolembedwa mwa kwathu kuno imayamba ndi 0, monga 088 kapena 099. Mukaona 880 kapena 660 kumapeto ndipo kutsogolo kulibe 0, kayikirani. Pa tsamba la kope, mizere imayambira mofanana kumanzere koma imathera mosiyanasiyana kumanja.

Mukatsimikiza, tsegulani chithunzi, dinani Edit kenako Rotate, sungani, ndipo muwerengenso. Ngati pali nambala yokha ngati 68 popanda china chilichonse, imbirani mwini wake kapena ajambulenso tsamba lonse. Olemba pa matumba azidula kamzere kunsi kwa nambala.