Hotisipoti yanga inkaulula dzina langa pamsika wa Nchalo

Dzina la hotisipoti limaoneka kwa aliyense amene wayatsa wayifayi pafupi, ngakhale alibe pasiwedi. Yanga inkaonetsa dzina langa ndi mtundu wa foni, moti pamsika wa Nchalo anyamata osawadziwa ankandiitana kuti, "Achimwene, tigawireniko bandulo." Zopemphazo si kanthu. Chinkandidetsa nkhawa n'chakuti wakuba akudziwiratu foni ili m'thumba la ndani.

Pa iPhone, hotisipoti imatenga dzina la foni yeniyeniyo, ndiye ndinalisintha pa `Settings > General > About > Name`. Pa Android mumalisintha pamene mumayatsira hotisipotiyo.

Kusankha dzinalo ndiye kunavuta. `Mphunzitsi Wa Pa Bangula` linkandisangalatsa, koma likutchula ntchito ndi malo. Kuno timadziwana, anthu akanandiloza tsiku lomwelo. Nthabwala yabwino ikhale ya tonsefe, osati ya banja lanu kapena sitolo yanu. Kutentha kwa Okutobala sikuloza munthu, ndiye ndinalemba `Bandulo Yapsa Ndi Dzuwa`. Lisapitirire zilembo 32.

Mukasintha, laputopu imaiona ngati netiweki yachilendo. Musadabwe ikapanda kulumikiza yokha. Lowetsaninso pasiwedi, yomwe isafanane ndi dzinalo.