Momwe Mungakambirane Mtengo ndi Wopikulitsa Pooda Katundu Wambiri wa M'sitolo

Wopikulitsa satsitsa mtengo chifukwa chomvera munthu chisoni. Amatsitsa akaona kuti zimene mukumupatsa zikumupindulitsa, choncho ntchito yonenerera mtengo imayambira m'kope lanu la malonda musanapite kukaonana naye.

Choyamba, werengetsani kuchuluka kwa katundu amene mumagulitsa pamwezi. Tiyerekeze kuti m'sitolo mwanu mumatha makatoni 20 a sopo pamwezi, ndipo kuti masamu asavute, tinene kuti katoni imodzi mumaoda pa 100. Chiwerengero cha 20 chimenechi muchigwiritsitse, chifukwa ndicho chidzakutetezeni pamene wopikulitsa ayamba kukukopani kuti mutenge katundu woposa msinkhu wa malonda anu.

Chachiwiri, funsani mitengo kwa opikulitsa awiri kapena atatu, ndipo muyerekezere mtengo wa katundu atafika pakhomo la sitolo, osati umene wanenedwa pakamwa. Wina akakuuzani 94 koma mayendedwe ali kwa inu, ndipo kunyamula makatoni 40 kukudyerani 120, ndiye kuti katoni iliyonse yafika pa 97. Wina amene wanena 96 n'kulonjeza kukubweretserani yekha ndiye wotchipa, ngakhale mtengo wake ukumveka wokwera. Funsaninso kuti m'katoni muli zidutswa zingati ndiponso zolemera bwanji, pakuti katoni ya 90 yokhala ndi zidutswa 20 ndi yodula kuposa ya 100 yokhala ndi zidutswa 24: yoyambayo chidutswa chimodzi chikugwera pa 4.50, pamene inayo chikugwera pafupifupi pa 4.17.

Mukakhala pansi kuti mukambirane, lankhulani ndi mwini malonda kapena munthu amene ali ndi mphamvu yosintha mtengo, chifukwa wolemba malisiti nthawi zambiri amangotsatira zimene anauzidwa. Musiyeni atchule mtengo wake poyamba, kenako mufunse kuti mtengowo umatsika kuyambira pa makatoni angati.

Apa ndi pamene ambiri amagwira fuwa lamoto. Wopikulitsa akhoza kunena kuti akupatsani pa 92 ngati mutatenga makatoni 100 nthawi imodzi. Mupulumutsadi 800, koma mwatulutsa 9,200 pa katundu amene adzakutengerani miyezi 5 kuti athe. M'miyezi imeneyo mpamba wanu udzakhala utagona m'makatoni, katundu wina wothamanga adzatha pashelefu inu mulibe ndalama yooderanso, ndipo chinyontho kapena makoswe zikhoza kuwononga makatoni apansi. Makatoni 8 okha atawonongeka, ndiye kuti 736 mwa 800 uja wapita. Kwa ine, kuchotsera kotereku si koyenera kukulandira pokhapokha ngati muli ndi malo abwino osungira ndiponso ndalama zina zoyendetsera sitolo.

M'malo mwake, gulitsani kukhulupirika kwanu. Mukhoza kunena kuti: "Makatoni 100 nthawi imodzi sindingakwanitse, koma ndikhoza kumatenga 40 miyezi iwiri iliyonse, katatu motsatizana, ndikulipira pompopompo. Mungandichitire pa 93?" Mwina iye ayankha kuti 97, ndipo mukhoza kukumana pa 95. Pamenepo mwatulutsa 3,800 yokha, ndipo 5,400 yatsala m'manja kuti muodere katundu wina. Wopikulitsa amavomera chifukwa pamapeto pake agulitsa makatoni 120 kwa munthu amene safunika kumulondola ngongole. Mukatchula mtengo wanu, khalani chete mudikire yankho, osaukweza nokha iye asanalankhule.

Mitengo ya opikulitsa ena muitchule moona mtima. Anthu ogulitsa katundu wofanana amadziwana mitengo, ndipo akakugwirani bodza kamodzi sadzakhulupiriranso lonjezo lanu la maoda otsatira.

Nthawi zina mtengo sungatsikedi, makamaka pa katundu amene wopikulitsa amapezapo phindu lochepa. Zikatero, pemphani zina zimene zili ndi mtengo wake: kukubweretserani katundu kwaulere, kuwonjezera katoni imodzi pa makatoni 20 aliwonse, kusinthitsa katundu wofika atawonongeka, kapena kukupatsani masiku 14 musanalipire. Dziwani kuti sikawirikawiri kupeza mtengo wotsika ndi ngongole pamodzi, choncho sankhani chimene sitolo yanu ikuchisowa kwambiri. Ndipo mtengo ukagwa msanga popanda kulimbana kulikonse, yang'anani tsiku lothera ntchito lolembedwa pa katunduyo, chifukwa mwina akufuna kukutulirani katundu wokhalitsa.

Pomaliza, zonse zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu uthenga wapafoni: mtengo wa katoni, kuchuluka, zidutswa za m'katoni, tsiku lobweretsa, wolipira mayendedwe, ndi nthawi imene mtengowo udzakhale usanasinthe. Katundu akafika, werengani makatoni, tsegulani awiri kapena atatu a pakati pa mulu, ndipo chilichonse choperewera kapena chophwanyika chilembedwe pa lisiti wobweretsayo ali pomwepo, musanasayine.