Momwe mungasamutsire gemu ya pa Steam pakompyuta ina osagulanso bandulo

Gemu ya mpira ngati eFootball, kapena Dota 2, imatsitsidwa ulere pa Steam, koma kukula kwake ndi magigabaiti makumi angapo. Kwa munthu wa ku Mangochi amene amadalira bandulo ya Airtel kapena TNM, kuitsitsa kamodzi kokha ndi ndalama zambiri ndithu. Ndiye ngati ili kale palaputopu ya mnzanu ku M'baluku, palibe chifukwa choti inu muitsitsenso. Mafayilo ake ndi omwewo pakompyuta iliyonse ya Windows, ndipo Steam imatha kuwazindikira mukawaika pamalo oyenera.

Chinthu chimodzi chimveke msanga: mukusamutsa mafayilo, osati umwini. Ngati gemuyo ndi yogula, pakompyuta yachiwiriyo muyenera kulowa ndi akaunti imene inagula, apo ayi Steam idzakuuzani kuti mugule ngakhale mafayilo onse alipo. Ngati ndi yaulere, akaunti iliyonse ikhoza, bola muiwonjezere kaye mu `Library` yanu.

Tiyerekeze kuti gemu yathu ndi eFootball, ndipo foda yake ikuwonetsa 40 GB.

Yambani ndi fulashi, chifukwa ambiri amagwera pamenepa

Fulashi yolembedwa 32 GB siikwana. Yolembedwa 64 GB imakwana, ngakhale Windows imaiwonetsa ngati ya 58 GB kapena kuyandikira apo. Kumeneko si kuberedwa, ndi kasiyanidwe ka kawerengedwe basi.

Kuberedwa kwenikweni ndi kwa mafulashi achinyengo, aja olembedwa 64 GB kunja koma mkati muli malo a 8 GB okha. Amenewa amalandira mafayilo onse osadandaula, mzere wobiriwira uja n'kufika kumapeto bwinobwino. Mukafika kwanu mupeza mayina a mafayilo alipo koma zamkati mwake n'zowonongeka, ndipo Steam iyamba kuwatsitsanso pabandulo yanu. Ngati fulashiyo ndi yatsopano ndipo munaipeza motchipa modabwitsa, iyeseni kaye ndi pulogalamu yaing'ono yotchedwa H2testw. Imadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenganso zimene yalemba. Zimatenga nthawi, koma mumayesa kamodzi kokha.

Kenako onani mtundu wa fomati. Dinani fulashiyo ndi batani la kumanja la mausi mu `This PC`, sankhani `Properties`, ndipo werengani pamene palembedwa `File system`. Ikakhala `FAT32` pali vuto, chifukwa fomati imeneyi silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndipo magemu akuluakulu ambiri amakhala ndi mafayilo otero. Uthenga wake umati fayiloyo ndi `too large for the destination file system`, ndipo umasokoneza anthu popeza fulashi imaoneka kuti ili ndi malo ambirimbiri. Mankhwala ake ndi kuifomata kukhala `exFAT` kapena `NTFS`. Kufomata kumafufuta chilichonse, choncho chotsanimo kaye zithunzi, nyimbo ndi makalata anu.

Zoyenera kukopa ndi ziwiri

Kachithunzi ka gemu kamene kali poyera pasikirini si gemuyo. Ndi kolozera chabe, sikakwana n'komwe megabaiti imodzi. Mukaona kuti kukopa kwatha m'kuphethira kwa diso, dziwani kuti mwanyamula kameneko.

Musanakope, mwini kompyuta yoyamba atsegule Steam ndi kuonetsetsa kuti gemuyo yalandira zosintha zonse zatsopano. Zikasiyidwa, kompyuta yachiwiri ndi imene idzazitsitse. Akatero adine gemuyo ndi batani la kumanja, asankhe `Manage` kenako `Browse local files`. Izi zimatsegula foda yeniyeni ya gemu, imene kawirikawiri imakhala mkati mwa iyi:

```
C:\Program Files (x86)\Steam\steamapps\common
```

Tsopano tsekani Steam kotheratu posankha `Steam` pamwamba kumanzere kenako `Exit`. Kudina kamtanda kapakona sikokwanira, pulogalamuyo imapitirizabe kugwira ntchito mobisika. Bwererani sitepe imodzi kuti mukhale mu `common`, ndipo kopani foda yonse ya gemuyo. Dzina lake musalisinthe ngakhale chilembo chimodzi. Ya Dota 2, mwachitsanzo, imatchedwa `dota 2 beta`, ndipo mukafufuta mawu omalizawo poganiza kuti ndi osafunika, Steam sidzaiona.

Chachiwiri ndi kafayilo kakang'ono kwambiri kamene kali mu `steamapps`, foda ya pamwamba pa `common`. Gemu iliyonse ili ndi nambala yake pa Steam, ndipo nambalayo imaoneka mu adiresi ya tsamba la gemuyo. Ya Dota 2 ndi 570, ya eFootball ndi 1665460. Ndiye kafayilo kathu ndi `appmanifest_1665460.acf`. Kameneka kali ngati risiti: kamauza Steam kuti gemu yakuti ilipo kale, ili m'foda yakuti, ndipo ndi ya mtundu wakuti.

Nthawi yake muiwerengeretu. Fulashi yotchipa imalemba pafupifupi 10 MB pasekondi, kutanthauza kuti 40 GB itenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kuwerenga kumathamangako, mwina theka la ola. Ngati fulashi ndi kompyuta zonse zili ndi USB 3.0, ija ya kalilime kabuluu mkati mwa dzenje, gwiritsani dzenje limenelo. Ndi kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala, fulashi ya chitsulo imatha kutentha mpaka kukuwotchani chala, ndipo ina ikatentha imachepetsa liwiro kapena kudukiza. Ikani laputopu pathebulo pamthunzi, osati pamatiresi pamene mpweya sudutsa.

Magetsi akazima pakati pa ntchito, kapena fulashi ikagwedezeka, kukopa kwa masiku onse kumasiya chisokonezo: simudziwa fayilo yomwe yafika ndi yomwe yatsala. N'chifukwa chake ndi bwino kugwiritsa ntchito `robocopy`, imene ili kale mu Windows. Tsegulani `Command Prompt` ndipo lembani izi, ngati fulashi yanu ndi `E:` ndipo foda ya gemu ndi `eFootball`:

```
robocopy "C:\Program Files (x86)\Steam\steamapps\common\eFootball" "E:\eFootball" /E /R:2 /W:5
```

Zikadukira panjira, lembaninso lamulo lomwelo. Mafayilo amene anafika kale amadumphidwa, ndipo imapitiriza ndi otsala okha. Mukamaliza, chotsani fulashi kudzera pa `Eject`, musangoizula.

Pakompyuta yachiwiri

Ikani Steam, lowani mu akaunti, ndipo onetsetsani kuti gemuyo ikuoneka mu `Library`. Batani la `Install` musalidine. Tsekani Steam ndi `Exit`. Ikani foda ya gemu mu `steamapps\common`; ngati `common` palibe chifukwa Steam ndi yatsopano, ipangeni nokha ndi dzina lomwelo. Kafayilo ka `.acf` kaikeni mu `steamapps`, osati mu `common`. Chenjeraninso kuti foda isalowe mkati mwa inzake ya dzina lomwelo. Mukatsegula `common\eFootball` muyenera kuona mafayilo a gemu pompo, osati foda inanso ya `eFootball`.

Tsegulani Steam. Zikayenda bwino, mupeza batani lobiriwira la `Play`, kapena `Update` yaing'ono. Musanasewere, pitani pa `Properties`, `Installed Files`, kenako `Verify integrity of game files`. Steam imawerenga fayilo iliyonse n'kutsitsa zokhazo zowonongeka. Ikati itsitse mamegabaiti ochepa, palibe chodetsa nkhawa. Koma ikayamba kutsitsa magigabaiti 20 kapena 30, imitsani nthawi yomweyo: mwina fulashi ndi yachinyengo, mwina kukopa sikunathe, mwina dzina la foda lalakwika.

Ngati mwaiwala kafayilo ka `.acf`, musabwerere ulendo wonse. Foda ikakhala pamalo ake, dinani `Install` ndipo sankhani disiki yomweyo. Steam imayamba yafufuza mafayilo amene alipo kale isanatsitse kanthu. Khalani pompo maso ali patsamba la `Downloads` mpaka mutatsimikiza kuti yawapeza.

Sunganibe kabandulo pang'ono. Kulowa mu akaunti kumafuna intaneti, tizida tina ta Windows timene gemu imadalira timatsitsidwa poitsegula koyamba, ndipo gemu ngati eFootball imatsitsanso zina yokha ikatsegulidwa.

Ngati makompyuta onse ali m'chipinda chimodzi

Apa nthambo ya netiweki imaposa fulashi, chifukwa mumakopa kamodzi m'malo mwa kawiri. Madzenje onse awiri akakhala a gigabiti, liwiro limafika cha m'ma 100 MB pasekondi, ndipo 40 GB ija imatha m'mphindi zosakwana 10. Limodzi likakhala lakale la 100 Mbps, kapena nthambo ikakhala ndi waya woduka mkati, liwiro limatsikira pa 11 MB pasekondi, lomwe ndi ola lathunthu. Disiki yakale yozungulira imathanso kuchedwetsa zinthu.

Kuyambira mu 2023 Steam ili ndi njira yakeyake. Pamakompyuta onse awiri pitani pa `Settings`, `Downloads`, ndipo yatsani `Game File Transfer over Local Network`. Ngati maakaunti ndi osiyana, pamene pamafunsa oti muwalole sankhani `Steam friends` kapena `Anyone`. Makompyuta onse akhale parauta imodzi ndipo alowe mu Steam. Yoyambayo ikhale ndi gemu yosinthidwa mokwanira ndipo isakhale ikusewera gemu kapena kutsitsa china. Mukadina `Install` payachiwiri, tsamba la `Downloads` limaonetsa kuti mafayilo akuchokera kukompyuta inayo.

Njirayi ndi yosavuta, koma kwa wogula bandulo ili ndi msampha. Kompyuta yoyamba ikagona, kapena mwini wake akatsegula gemu, Steam simafunsa, imangotembenukira ku intaneti n'kupitiriza kutsitsa. Mukachokapo kukagula nsomba kumsika, mudzapeza bandulo yatha. Komanso pakarauta ka m'thumba, Wi-Fi ya 2.4 GHz imayenda pang'onopang'ono kuposa fulashi nthawi zambiri.

Wosafuna kuika bandulo pachiswe alumikize makompyuta awiriwo mwachindunji ndi nthambo imodzi, intaneti itazimitsidwa. Pa `Ethernet` ya yoyamba ikani adiresi `192.168.50.1`, ya yachiwiri `192.168.50.2`, zonse ndi `Subnet mask` ya `255.255.255.0`. Yatsani `File and printer sharing`, ndipo pafoda ya gemu sankhani `Properties`, `Sharing`, `Advanced Sharing`, n'kuchonga `Share this folder`. Payachiwiri dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `\\192.168.50.1`. Idzafunsa dzina ndi pasiwedi ya Windows ya kompyuta yoyamba, osati PIN yotsegulira sikirini. Ikakana kulumikiza, kawirikawiri ndi chifukwa Windows yatenga nthamboyo ngati netiweki ya `Public`, imene imatseka kugawana mafayilo. Yatsani kugawanako kumbali ya `Public` kwa kanthawiko, mudzazimitse mukamaliza. Foda ikaoneka, ikokereni mu `steamapps\common`, ndipo kafayilo ka `.acf` kaja, poti kali kunja kwa foda yogawidwayo, kanyamuleni pafulashi iliyonse, ngakhale ya 2 GB.