Musadalire mtundu wokha pa chikalata

Anzanga okonza zikalata zoitanira alimi a mbatatesi kuno ku Dedza, musanapite kosindikiza, jambulani tsamba limodzi pa fotokope yakuda ndi yoyera. Ngati munalemba tsiku la msonkhano mofiira pamwamba pa zobiriwira, muona mitundu iwiriyo itasanduka phulusa lofanana, tsikulo osaonekanso. Alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu imeneyi chibadwire, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Chimawathandiza n'chakuti wina ukhale woderapo kwambiri, wina wowala. Pa tchati, lembani dzina pambali pa mzere uliwonse. Zilembo zisachepere saizi 14 pa kompyuta, ndipo musaziike pamwamba pa chithunzi. Kenako pepalalo likhomeni pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu, muwapemphe agogo awerenge.